Akati "masabata awiri", afunseni kuti kuyambira liti

*Ndili ndi shopu ya zipangizo za ulimi pa Luchenza. Chaka chatha a holoselo ku Limbe anandiuza kuti feteleza wanga afika pa masabata awiri, koma anafika pa 28 Novembala anthu atabzala kale. Chaka chino ndikufuna matumba 200 a NPK, 150 a yureya ndi mbewu ya chimanga. Ndiwafunse bwanji kuti anditsimikizire nthawi popanda kuoneka ngati ndikuwakayikira?*
*Mayi wa shopu, Luchenza*

Mayi, ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo pang'ono a holoselo anuwo, ngakhale sindikuwadziwa. N'kutheka kuti amene anakuyankhani uja sananame mwadala. Ndinagwirapo ntchito yogula katundu pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo mawu oti "masabata awiri" ndawamva kwa anthu okhulupirika ndi kwa akamberembere omwe. Inu munayamba kuwerenga tsiku limene munaimba foni. Iwo m'mutu mwao amawerenga kuyambira tsiku limene katundu adzalowe m'depoti mwao, kapena tsiku limene ndalama zanu zidzaoneke mu akaunti yao, ndipo tsiku limenelo palibe amene analitchula. Choncho chaka chino musafunse kuti "zitenga masiku angati". Funsolo ndi lopepuka kwambiri, munthu amaliyankha akuyang'ana kwina. Mufunse zinthu zitatu: katunduyo ali kuti panopa, kuwerenga kuyamba liti, ndipo lole idzapakira pa deti yanji.

Pa zitatuzi, chachikulu ndi choyambacho.

Feteleza amene timagulitsa m'dziko muno amachokera kunja. Yureya amabwera pa sitima ya pamadzi mpaka ku Beira kapena ku Nacala, kenako pa mathiraki kudzera ku Tete ndi pa chipata cha Mwanza, kapena pa njanji kudzera ku Nayuchi. NPK wina amasakanizidwa konkuno, monga pa fakitale ya ku Liwonde, koma zosakanizazo nazonso ndi zochokera kunja. Ndiye munthu wa ku Limbe akakuuzani kuti "tili naye", mawu amenewo angatanthauze zinthu zosiyana kwambiri. Mwina matumbawo alidi m'depoti ndipo alibe mwini. Mwina alimo, mukhoza kuwaona ndi maso, koma analembedwa kale dzina la wina: maesiteti a tiyi amaoda wao miyezi ingapo mvula isanayambe, mabungwe ogawa zipangizo amateronso, ndipo chaka chimene kampaniyo yapeza ntchito yoperekera feteleza wotsika mtengo wa boma, oda ya matumba 200 imadikira pambuyo. Mwina ali pa thiraki pakati pa Beira ndi Mwanza. Mwina ali pa doko, mapepala sanathe. Ndipo pali yankho loopsa kuposa onsewa, limene simudzalimva pokhapokha mutafunsa mwachindunji: katunduyo sanalipiridwe, kampani ikudikira kuti banki iipatse ndalama zakunja.

Pa mayankho onsewa, loyamba lokha ndi limene munthu angakulonjezerenipo deti ndi mtima wonse. Katundu amene ali pa msewu, deti yake ndi yongoyerekeza koma yoyandikira, chifukwa thiraki ili ndi nambala ndipo dalaivala ali ndi foni. Katundu amene ali pa doko kapena pa nyanja, deti yake ili m'manja mwa anthu amene wa holoselo wanuyo sawalamulira. Amene akudikira ndalama zakunja alibe deti n'komwe, ngakhale munthuyo alumbire. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ine ndalama zonse ndimaperekera katundu wa gulu loyamba lokha. Wa pa msewu ndimaperekera dipoziti. Wotsalayo ndimangolembetsa dzina.

Tsopano tiwerenge masiku anu, ndipo tiwerenge chobwerera m'mbuyo, kuyambira tsiku limene mlimi akufuna thumba lake.

Kuno mvula yobzalira imakonda kubwera mu Novembala, ndipo m'madera a m'munsi mwa phiri la Mulanje ndi kumtunda kwa Thyolo nthawi zina imafulumira kuposa madera ena. Koma makasitomala anu sadikira mvula kuti agule. Ambiri mwa iwo ndalama zao zimabwera kumapeto kwa mwezi, kaya ndi malipiro a ku esiteti kaya zotumizidwa ndi ana a m'tauni, ndiye kumapeto kwa Okutobala ndi kumene thumba loyamba la wokulitsa limatuluka pakhomo panu. Tinene kuti mukufuna NPK akhale m'shopu pofika pa 25 Okutobala. Pa deti imeneyo chotsani sabata imodzi yoti zinthu zikavuta muli ndi popumira. Ndiye deti imene muwauze a holoselo ndi 18 Okutobala. Ya 25 ija ikhale yanu mumtima, asaidziwe.

Tiyerekeze kuti akuyankhani kuti ndi masiku 10 ogwira ntchito kuchokera pamene ndalama zaoneka. Masiku 10 ogwira ntchito ndi masiku 14 a pa kalendala, poti Loweruka ndi Lamlungu sawerengedwa. Pakatipo pali holide ya Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, ndiye akwana 15. Mukachotsa 15 pa 18 Okutobala mwafika pa 3 Okutobala: limenelo ndi tsiku loti ndalama zikhale zitaoneka kale kwa iwo. Ngati banki yanu ndi yao ndi zosiyana, kapena ngati a ofesi yao ya ndalama amatenga nthawi kuti atsimikize, onjezanipo masiku awiri. Mukulipira pa 1 Okutobala. Ndipo kuti pa 1 Okutobala mulipire mukudziwa chimene mukulipirira, uthenga wofunsa uyenera kupita cha pa 10 Seputembala, yankho lao libwere pofika pa 17, kuti likakhala losagwira mtima mukhale ndi masabata awiri ofufuza kwina.

Manambala amenewa ndi achitsanzo, inu mudzaikemo amene akupatseni. Koma taonani kuti "masabata awiri" a pa foni aja asanduka masiku 45 kuchokera pa 10 Seputembala mpaka pa 25 Okutobala, popanda chilichonse cholakwika m'njira. Chaka chatha ngati munaimba foni kumayambiriro kwa Novembala, masiku anali atakutherani kale musanaimbe.

Masiku 10 awowo musawalandire ngati chinthu chimodzi chomata. Apempheni akuphwanyireni. M'kati mwake muli tsiku loti a ofesi atsimikize malipiro, masiku oti oda yanu isainidwe ndi kutuluka pepala lopakirira, masiku oti lole iime pa mzere pa depoti, ndi tsiku la ulendo. Ulendowo ndiye waufupi kwambiri pa zonsezi, chifukwa kuchoka ku Limbe kufika pa Luchenza ndi maola ochepa chabe. Masiku amatayika pa mzere wa depoti, ndipo mzere wa mu Seputembala si wa mu Novembala. Mu Seputembala lole imalowa m'mawa n'kutuluka masana. Mu Novembala aliyense akufuna kupakira tsiku limodzi, opakira ndi omwe aja, ndipo kukagwa mvula kupakira kumaima, poti feteleza sapakiridwa pa mvula. Munthu amene angathe kukuphwanyirani masiku akewo ndiye kuti anawawerengadi. Amene akungobwereza kuti "ndi masiku 10 basi mayi" wangotchula nambala imene amauza aliyense.

Pali chinthu china chimene chimadya masiku mwakachetechete, ndipo pa oda ya kukula ngati yanu ndi chimene ndimachikayikira koyamba. Matumba 200 a makilogalamu 50 ndi matani 10. Thiraki yaikulu imanyamula matani 30, matumba 600. Wa holoselo akalonjeza kuti akubweretserani mpaka pakhomo, nthawi zambiri satumiza thiraki ndi matani 10 okha. Amadikira kuti apeze maoda ena a njira yomweyo, a pa Bvumbwe, pa boma la Thyolo, pa Chonde, pa Chitakale mpaka ku Limbuli, kuti thiraki idzaze. Inu mwalipira, katundu alipo, pepala latuluka, koma mukudikira munthu wina wa ku Limbuli amene sanalipire. Choncho funsani poyera: lole idzabwera ndi katundu wanga yekha, kapena idzadikira kudzaza? Akati idzadikira, apempheni mtengo wachiwiri, wokatenga nokha pa depoti. Kenako funsani mwini lole ya matani 10 kuti angakulipiritseni zingati, mugawe ndalamayo pa matumba 200, muone kuti pa thumba limodzi pakuwonjezeka zingati. Kawirikawiri mudzapeza kuti ndalama yowonjezekayo ndi yochepa poyerekeza ndi phindu la sabata imodzi ya malonda a kumapeto kwa Okutobala. Mwini loleyo naye mumufunse deti molemba, ndipo mumufunse za dizilo. Zaka zapitazi mafuta akhala akusowa m'miyezi yomweyi, ndipo lole imene yagona pa mzere wa mafuta siingakhale pa mzere wa depoti.

Tibwere pa uthengawo. Musaope kuti aona ngati mukuwakayikira. Makasitomala awo akuluakulu amafunsa mafunso omwewa chaka chilichonse, pa pepala la kampani, ndipo palibe amene amakwiya. Chimene chimakwiyitsa wamalonda ndi kumukumbutsa za chaka chatha m'chiganizo choyamba. Zimenezo zisiyeni. Muwauze chifukwa chimene mukufunsira, muwapatse manambala enieni, ndipo mafunso akhale oti yankho lake ndi deti, nambala, inde kapena ayi. Yambani mwaimba foni kupereka moni ndi kuwauza kuti mukutumiza uthenga, kenako lembani pa WhatsApp kapena pa kalata motere:

*Bwana, ndikukonzekera malonda a dzinja lino ndipo ndikufuna kugulanso kwa inu. Ndikufuna matumba 200 a NPK 23:10:5+6S+1Zn afike pa Luchenza pofika pa 18 Okutobala, ndi matumba 150 a yureya afike pofika pa 24 Novembala. Kuti ndikonze ndalama pa nthawi yake, chonde mundithandize izi:*

*1. Kodi matumba amenewa ali kale m'depoti mwanu ndipo ndi osalonjezedwa kwa wina? Ngati ayi, ali kuti panopa?*
*2. Masiku anu mumayamba kuwerenga liti: ndikaoda, ndikapereka dipoziti, kapena ndalama zonse zikaoneka?*
*3. Ndikalipira pa 1 Okutobala, mudzapakira pa deti yanji?*
*4. Lole idzabwera ndi katundu wanga yekha kapena idzadikira kudzaza? Nanga mtengo wodzatenga ndekha ndi wotani?*
*5. Mtengo wa pa kotesheni ukhala mpaka liti, ndipo ndikalipira umatsekeka?*
*6. Ndikafuna kuonjezera matumba mu Novembala, zidzatenga masiku angati nthawi imeneyo?*

*Ndingayamike mutandiyankha molemba pofika pa 17 Seputembala.*

Mafunso asapitirire pamenepa. Mukalemba khumi ndi asanu, adzayankha awiri osavutawo n'kusiya otsalawo.

Funso lachisanu lisakudabwitseni kuti likupezeka pa nkhani ya masiku. Mtengo ndi deti zimayendera limodzi. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, pakati penipeni pa malonda a feteleza, ndipo aliyense wa mu bizinesiyi akukumbukira mmene mitengo inasinthira. Wa holoselo amene akuyembekezera kuti mtengo ukwera alibe changu chopakira katundu wa mtengo wakale. Ndiye mukaona deti ikusunthasuntha popanda chifukwa chomveka, nthawi zina vuto silili pa lole, lili pa mtengo. N'chifukwa chake pa pulofoma invoisi payenera kulembedwa zonse ziwiri, kuti mtengo watsekeka ndalama zikalowa, ndiponso deti yopakira. Zikalembedwa pa pepala limodzi, chimodzi sichingathawe chinzake.

Koma funso limene ndikufuna mulisamale kwambiri ndi lachisanu ndi chimodzi, chifukwa ambiri salifunsa. Tsegulani kabuku kanu ka malonda a chaka chatha kapena cha dzana, muone kuti pa masiku otentha malonda mumagulitsa matumba angati pa tsiku. Tinene kuti ndi 25. Matumba 200 atha pa masiku 8. Tsopano ngati oda yatsopano imatenga masiku 15 kuti ifike, ndiye kuti muyenera kuoda mukadali ndi matumba 25 kuchulukitsa ka 15, omwe ndi 375. Inu mulibe 375, muli ndi 200. Tanthauzo lake ndi loti ngakhale mutaoda tsiku limene katundu woyamba wafika, shopu idzakhala yopanda feteleza kwa sabata yathunthu malonda ali pa moto. Oda yachiwiri siingaodedwe katundu akayamba kuchepa. Iyenera kulembetsedwa pamodzi ndi yoyamba, mu Seputembala momwemo, ndi deti yakeyake yopakira, ngakhale ndalama zake mudzalipire pambuyo ndi zimene mwagulitsa. Mukhoza kuwauza kuti: mundisungire matumba 100 ena oti ndidzapakire pa 1 Novembala, ndidzatsimikiza pofika pa 27 Okutobala. Ena amavomera ndi dipoziti yochepa, ena amakana. Akakana mwadziwa msanga kuti matumba 200 amenewo ndi omwewo, ndipo mutha kusankha kuonjezera oda yoyamba ngati thumba lanu likulola, kapena kukalembetsa yachiwiriyo kwa wina.

Yureya ndamupatsa deti yake padera mwadala. Wobereketsa amathiridwa patapita pafupifupi masabata atatu chibzalire, choncho amene wabzala pa 20 Novembala adzamufuna cha pa 11 Disembala, ndipo inu mukhale naye pofika pa 1 Disembala. Kumutenga mu Okutobala ndi kugoneka ndalama za matumba 150 kwa mwezi wathunthu, pamene ndalama zomwezo zikanagula NPK woonjezera. Komanso yureya amakoka chinyezi, ndipo m'chipinda chosungira cha kuno chopanda mapaleti amayamba kuuma ngati mwala. Komabe kumuchedwetsa kuli ndi mtengo wake. Kumapeto kwa Novembala ndi pamene mzere wa depoti uli wautali kwambiri, chakumapeto kwa Disembala makampani ambiri amatseka kapena kuchepetsa antchito, ndipo mvula ikakhazikika misewu ya fumbi yopita kwa makasitomala anu a kumidzi imavuta. Ine ndikanachita chonchi: ngati ayankha kuti yureya ali kale m'depoti, ndikanapereka dipoziti ndi kulembetsa deti ya 24 Novembala. Ngati ayankha kuti akubwera pa sitima, ndikanatenga matumba 50 mwa aliwonse amene alipo panopa pamodzi ndi NPK uja, kuti makasitomala oyamba asadzabwerere pakhomo.

Za mbewu ndinene mwachidule. Mbewu yambiri imakonzedwa konkuno, ndiye nkhani ya doko ilibe. Vuto lake ndi kusinthanitsa. Mwaoda Kanyani wa mapaketi a makilogalamu 2, tsiku lafika, katundu wafikadi pa nthawi yake, koma m'makatoni muli mtundu wochedwa kucha wa makilogalamu 10, umene mlimi wa kamunda kakang'ono sangagule. Pa pepala iwo asunga deti, koma inu mulibe chogulitsa. Polemba tchulani mtundu, kukula kwa paketi ndi kuchuluka kwake, ndipo onjezani mawu oti asasinthe mtundu musanavomereze. Ikafika yang'anani chizindikiro cha pa paketi, muone kuti mbewuyo inayesedwa liti.

Nanga yankho likabwera, mulimva bwanji?

Yankho labwino nthawi zambiri silikoma m'khutu. Limamveka chonchi: "NPK tili ndi wokwanira, tingapakire pa 14 Okutobala mukalipira pa 1. Yureya panopa tilibe, tikuyembekezera kumayambiriro kwa Novembala koma sitingalonjeze." Munthu wotere mugwireni ndi manja awiri. Wakuuzani chimene sangathe, ndiye chimene wati angathe mutha kuchikhulupirira. Yankho lokayikitsa ndi lotsekemera: "Musadandaule mayi, inu ndi kasitomala wathu, zonse zili bwino." Mulibe deti, mulibe nambala. Musakwiye nalo, ingobwezani funso limodzi lokha mwaulemu: "Zikomo bwana, ndiye ndilembe deti yanji yopakira?" Mukafunsa kawiri deti osatuluka, yankho mwalilandira kale. Palinso amene mwawalembera koma iwo akuyankha poimba foni, safuna kusiya chilichonse cholembedwa. Amenewo mukangomaliza kulankhula, lembani nokha kuti: "Monga tagwirizana pa foni lero, matumba 200 a NPK mudzapakira pa 14 Okutobala pa mtengo wa pa kotesheni. Ngati ndamva molakwika mundikonze." Akayankha ndi mawu amodzi okha oti "inde", muli ndi chogwira.

Mawu oti "ali m'njira" muziwafunsa nambala ya thiraki ndi kumene yafika. Oti "sitima yafika" muziwafunsa ngati yatsitsa katundu, chifukwa sitima imatha kufika n'kuima panja pa doko kudikira malo.

Ndipo muziganizira amene akukuyankhaniyo. Mnyamata wa malonda ntchito yake ndi kutenga maoda, ndipo kunena kuti "sitingathe" kumamutayitsa kasitomala. Amene akudziwa zoona ndi woyang'anira depoti, chifukwa ndi amene amaona milu ya matumba ndi mapepala opakirira. Pa oda ya matumba 350, kukwera minibasi kupita ku Limbe ndi kubwerako tsiku lomwelo si kuwononga ndalama. Pitani musanalipire, mupemphe kuona katunduyo, mufunse kuti mwa milu imeneyi wopanda mwini ndi uti. Mukatuluka chezani ndi madalaivala amene aima pa geti, muwafunse kuti afika liti. Dalaivala amene wagona pamenepo masiku atatu adzakuuzani nthawi yeniyeni ya depotiyo mosabisa, ndipo sakupemphani kanthu.

Ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi, kuti musadalire pepala mopyola mphamvu yake. Uthenga wotsimikiza deti sukoka lole. Kampani yaikulu ikachedwa, shopu ya matumba 200 siingailipiritse chindapusa, ndipo mukayesa kulemba zimenezo mu mgwirizano adzangoseka. Chimene mungapeze, ndipo ambiri amavomera mukapempha musanalipire, ndi ziwiri. Choyamba, kuti deti ikadutsa muli ndi ufulu wotenga ndalama zanu, ndipo atchule kuti adzabweza pa masiku angati. Kubweza kwa mwezi wathunthu kulibe ntchito kwa inu, poti ndalamazo zidzabwera nyengo itatha. Chachiwiri, kuti ngati onse 200 sanakwane, akupatseni amene alipo osadikira kuti akwane. Matumba 80 pa 18 Okutobala ndi abwino kuposa 200 pa 28 Novembala. Ngati mungathe, musalipire zonse kamodzi. Dipoziti polembetsa, yotsalayo tsiku lopakira, dalaivala wanu ali pa geti. Ena nthawi ya feteleza salola zimenezi, amafuna zonse patsogolo. Pamenepo ndi pomwe funso loyamba lija limagwira ntchito, chifukwa zonse patsogolo n'zomveka pa katundu amene mwamuona ndi maso basi.

Mukalipira musakhale chete mpaka tsiku lopakira, komanso musamaimbe tsiku lililonse, mungatopetse anthu n'kuyamba kukukanirani foni. Kukhudza katatu n'kokwanira. Koyamba pa 3 Okutobala, kufunsa ngati ndalama zaoneka ndi kupempha nambala ya oda. Kachiwiri patatsala sabata, kufunsa ngati pepala lopakirira latuluka. Kachitatu dzulo lake la tsiku lopakira, kupempha nambala ya lole ndi foni ya dalaivala. Pa katatu konseka mukupempha chinthu chooneka, nambala kapena pepala. Oda imene ilibe nambala patapita masiku atatu chilipirire sinalowe m'mabuku, ndipo lole imene ilibe dalaivala madzulo a dzulo lake siipakira mawa.

Chotsiriza ndi kudziikira nokha tsiku losiyira kudikira, ndipo mulisankhe panopa mutu uli wozizira. Tumizani mafunso omwewa kwa wa holoselo wachiwiri, ngakhale mtengo wake uli wokwererapo. Tinene kuti wachiwiriyo wati katundu ali naye ndipo mukakatenga nokha zimatenga masiku 5. Chotsani 5 pa 25 Okutobala, mwapeza 20 Okutobala. Oyamba aja akasuntha deti kuchoka pa 14 kupita pa 17, dikirani, sabata yopumira ija munaiikira zimenezo. Akasunthanso kachiwiri, yambani kulankhula ndi wachiwiri uja ndipo pemphani oyambawo akupatseni amene alipo. Pakafika pa 20 lole isanapakire, musamvenso za mawa. Lembani kupempha ndalama zanu monga munagwirizana, ndipo tsiku lomwelo gulani kwa wachiwiri ndi ndalama zotsala zimene munasunga mutangopereka dipoziti ija, ngakhale zikwane matumba 100 okha. Lole ikafika pa Luchenza, werengani matumba dalaivala ali pomwepo, patulani ong'ambika ndi onyowa, ndipo mulembe pa delivale noti nambala imene mwalandiradi ndi deti yake musanasaine. Deti imeneyo muikopere m'kabuku kanu pambali pa deti imene analonjeza, kuti Seputembala wa chaka chamawa mudzawerengere masiku a wa holoselo ameneyu kuchokera pa zimene anachita.